Zolemba za pamalo omanga ku Mangochi: kalata yoitanitsira simenti, mchenga ndi miyala ya silabu

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Makoma a maziko tinamaliza Loweruka. Lero anyamata ayamba kuthira dothi mkati ndi kulisinja, ndipo pofika Lachisanu tikhala tayala hadikolo, miyala yotsendera pansi pa silabu, ndi kuthira mankhwala a chiswe. Pulasitiki wakuda woyala pansi ndi waya wa meshi zili kale m'kanyumba kosungiramo katundu. Chomwe chatsala ndi simenti, mchenga ndi miyala ya kwale zothirira silabu.

Nyumba yomwe tikumangayi ndi ya masitolo awiri kutsogolo ndi chipinda cha katundu kumbuyo. M'litali ndi mamita 12, m'lifupi mamita 8. Ili chapatali pang'ono ndi mseu wopita ku Monkey Bay, pamalo a mchenga wofewa.

Ulendo uno sindiitanitsa katundu pafoni. Pa nthawi ya maziko ndinaimbira a kuhadiweya n'kunena kuti ndikufuna "matiripu awiri a mchenga", iwo n'kuvomera. M'mutu mwanga munali tipa yaikulu, m'mutu mwawo munali kalole ka matani atatu. Mchenga womwe unabwera unali wa kudambo, wosalala ngati ufa, ndipo ukaufumbata wonyowa unkasiya matope m'manja. Unatithera dzuwa lili paliwombo, amisiri ndi aganyu n'kukhala pansi pa mtengo, koma madzulo ndinawalipira tsiku lathunthu. Sindinakangane ndi wogulitsayo chifukwa iye anabweretsa chomwe anamva. Mawu oti tiripu sanena kukula kwa galimoto, ndipo mawu oti mchenga sanena mtundu wake. Cholakwa chinali changa, ndipo ndalama zomwe zinapita pachabe zinali za mwini nyumba, mayi amene wasonkhanitsa ndalamazi kwa zaka zambiri pa geni yake ya nsomba. Zimenezi zinandipweteka mtima.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Usiku ndakhala ndi kope kuwerengera katundu. Ndikulemba zonse pano kuti mwini nyumba akafunsa aone komwe nambala iliyonse yachokera.

Silabu ikhala yochindikala masentimita 10. Tikachulukitsa 12 ndi 8 ndi 0.1 tikupeza makiyubiki mita 9.6. Imeneyi ndi konkiriti yothira kale, yonyowa ndi yotsendera. Katundu wouma amafunika wambiri kuposa pamenepa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaperewera. Tengani ndowa yodzaza mango, muthiremo mpunga. Mpungawo ulowa m'mipata ya mango ndipo ndowa sisefukira msanga. Ndi mmenenso mchenga umalowera m'mipata ya miyala, simenti n'kulowa m'mipata ya mchenga. Choncho kuti upeze kiyubiki imodzi ya konkiriti umasowa katundu wouma wokwana pafupifupi kiyubiki imodzi ndi theka. Ine ndimachulukitsa ndi 1.54, ndiye 9.6 yasanduka 14.8.

Kasakanizidwe ka silabuyi ndi 1:2:4, kutanthauza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Yonse pamodzi ndi miyeso 7. Tikagawa 14.8 ndi 7, muyeso umodzi ukhala makiyubiki 2.1. Umenewo ndiye simenti. Mchenga ndi kawiri kake, 4.2, ndipo miyala ndi kanayi kake, 8.4.

Simenti sagulitsidwa pa makiyubiki koma pa matumba. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi simenti wokwana pafupifupi malita 35, pomwe kiyubiki imodzi ndi malita 1,000. Muyeso uja, womwe ukupitirira pang'ono makiyubiki 2.1, ukupereka matumba 60 ndi kanthu pamwamba, ndiye ndalemba 61. Koma pansi pa silabu sipakhala posalala ngati tebulo. Pena hadikolo imatsika pang'ono ndipo konkiriti imalowa yambiri. Ndaonjezera matumba anayi kuti akhale 65. Miyala ndiitanitsa makiyubiki 9, mchenga 5. Mchenga ndaonjezera kwambiri dala, chifukwa wina umatsalira pansi n'kusakanikirana ndi dothi, komanso ukakhala wachinyontho umafufuma. Mchenga wongovuula kumene kumtsinje ungaoneke wochuluka m'lole, koma ukauma mulu umaphwa.

Makoma tidzamanga ndi mabuloko a simenti, omwe tinaumbitsa kale ndipo akuuma kuseri. Makoma onse, titachotsa mazenera ndi zitseko, akukwana masikweya mita 130, ndipo sikweya mita imodzi imadya mabuloko 12 ndi theka. Amenewa ndi mabuloko 1,625. Amisiri anga awiriwa ndawaona pa ntchito zingapo, thumba limodzi amamangira mabuloko pafupifupi 65. Ndiye daka ifuna matumba 25 ndi mchenga makiyubiki 5 ena.

Pa masiku ndaganiza motere. Silabu tithire Loweruka pa 18. Miyala ndi mchenga sizionongeka zikakhala pabwalo, choncho zibwere msanga kuti ngati pali chobweza tipeze nthawi. Simenti abwere komalizira. Lachitatu pa 15 ndi Tsiku la Anakubala, ndi holide. Lachisanu masana theka la anyamata anga, ngakhalenso madalaiva ambiri kuno, amapita kumzikiti, ndiye tsiku limenelo si loika katundu wofuna anthu ambiri otsitsa.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kalata ndalemba makope awiri ndipo ndaipereka ndekha kuhadiweya. Kope limodzi asayina n'kudinda, ndabwera nalo. Nayi mmene ilili.

Mangochi
8 Okutobala 2025

Kwa Bambo Manijala a hadiweya

Okondedwa Bambo,

KUITANITSA SIMENTI, MCHENGA NDI MIYALA YA KWALE

Ndikukupatsani moni. Ndine kapitawo wa pa nyumba ya masitolo yomwe munatiperekera katundu wa maziko mwezi watha. Tikufuna kuthira silabu Loweruka pa 18 Okutobala, ndipo ndikupempha kuti mutibweretsere katundu uyu pa masiku omwe ndalemba.

1. Lolemba, 13 Okutobala: miyala ya kwale ya mamilimita 20, makiyubiki mita 9. Ikhale yophwanya ndi makina, yoyera, yopanda fumbi lambiri, dothi kapena mizu. Isasakanizidwe ndi miyala ikuluikulu.

2. Lachiwiri, 14 Okutobala: mchenga wa kumtsinje wokhakhala, makiyubiki mita 5. Wa kudambo kapena wa m'mbali mwa nyanja sindilandira.

3. Lachinayi, 16 Okutobala: simenti wa mphamvu ya 42.5, matumba 65 a makilogalamu 50, onse a kampani imodzi, osang'ambika ndi opanda zibuma. Lole ikhale ndi tenti.

4. Lachinayi, 23 Okutobala: mchenga wa kumtsinje womangira, makiyubiki mita 5. Uwu ukhale wosalalirapo kuposa woyamba uja, koma wopanda matope.

5. Lolemba, 27 Okutobala: simenti wa mphamvu ya 32.5, matumba 25 a makilogalamu 50.

Zonse pamodzi ndi simenti matumba 90, mchenga makiyubiki mita 10 ndi miyala makiyubiki mita 9.

Katundu azifika isanakwane 10 koloko m'mawa, pamene ine ndi anyamata otsitsa tilipo. Mchenga ndi miyala ndizidzayeza ndi tepi zili m'galimoto, dalaiva wanu akuona, tisanakhuthule. Chomwe tapeza tidzalemba pa pepala loperekera katundu ndipo tonse awiri tidzasayina. Ngati zaperewera, ndikupempha kuti mudzakwaniritse Lachisanu pa 17 lisanafike. Matumba ouma kapena ong'ambika adzabwerera pa lole yomweyo kuti muwasinthe.

Kanjira kochokera kumseu waukulu kufika pamalo athu n'kamchenga. Galimoto yodzaza iziima pomwe tayala matabwa, ndipo ine ndidzaionetsa pokhuthulira.

Chonde nditumizireni mitengo yolembedwa pofika mawa, mtengo wa katundu pawokha ndi wa thiransipoti pawokha. Mwini nyumba azilipira katundu wa tsiku lililonse ndikangosayina kuti wafika bwino. Ngati pali tsiku lomwe mukuona kuti simungakwanitse, kaya chifukwa cha dizilo kapena galimoto, mundiuze kukadali masiku awiri kuti ndisinthe ndondomeko ya amisiri ndi makina osakanizira omwe tabwereka.

Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu.

Ine wanu,
Kapitawo wa pamalo omanga

Mzere wokana mchenga wa kunyanja ndinauganizira nthawi yaitali, chifukwa ndiwo uli pafupi ndipo ena amaugwiritsa ntchito. Vuto lake si mchere monga amanenera anthu ena, poti madzi a nyanja yathu si amchere. Vuto n'lakuti m'malo ambiri ndi wosalala kwambiri, ndipo mchenga wosalala umafuna madzi ambiri kuti konkiriti ifewe. Madzi akachuluka konkiriti imafooka ndipo imang'aluka pouma. Kuonjezera apo, kukumba m'mbali mwa nyanja kumagumula gombe lomwe asodzi amakokerapo mabwato awo, ndipo ine sindifuna kuti nyumba yomwe ndamanga ikhale ndi mbali pa zimenezo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Bambo a kuhadiweya andiitana kuti tikambirane. Mitengo alemba, koma miyala ndi mchenga alemba pa matani, poti galimoto zawo amazidziwa ndi matani. Tinakhala pansi n'kumasulira. Kiyubiki imodzi ya kwale imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndiye makiyubiki 9 ndi matani 13 ndi theka, omwe ndi maulendo awiri a lole ya matani 7. Ndawauza kuti matani alembe ndithu, koma pamalo pathu palibe sikelo yoyezera galimoto. Chomwe ndili nacho ndi tepi, choncho pepala losayinirana lizinena makiyubiki. Avomera.

Kenako anati, "Akapitawo, bwanji simenti yense abwere ulendo umodzi, matumba 90? Thiransipoti mulipira kamodzi, komanso mtengo ukakwera sizikukhudzani."

Maganizo awo si oipa ndipo sindinawakane msangamsanga. Simenti wosungidwa bwino amakhala miyezi iwiri kapena itatu asanayambe kufooka, ndiye masiku 11 si nkhani. Nkhani ndi kanyumba kathu. Ndi kamalata, kakang'ono, pansi n'padothi, ndipo mkati muli kale meshi ndi zida. Matumba sasanjikizidwa kupitirira 10 pamwamba pa linzake, ndipo sayenera kukhudza khoma kapena pansi. Matumba 65 ndi milu isanu ndi iwiri, ndipo malo athera pomwepo. Ena 25 akanagona panja pansi pa tenti, pafupi ndi pomwe tizidzathira madzi pa silabu sabata yathunthu, mwezi womwe mvula ya chizimalupsa ikhoza kugwa tsiku lililonse. Ndinati, "Bambo, ngati mtengo ndiwo vuto, mayi alipire matumba 25 aja pa 16 pomwepo, mulembe pa lisiti kuti alipiridwa ndipo adzatengedwa pa 27. Akhale m'nyumba yanu ya simenti, yomwe ndi youma kuposa yanga." Mayi nditawaimbira anagwirizana nazo.

Lolemba, 13 Okutobala

Lole yoyamba ya miyala yafika 8 koloko itangopitirira. Ndakwera ndi tepi pamodzi ndi dalaiva. Mkati mwa bodi m'litali ndi mamita 3.6, m'lifupi mamita 2. Miyala imabwera itaunjikana pakati ngati chulu, ndiye ndinauza anyamata awiri aisalaze ndi mafosholo kaye, apo ayi tepi ikunamiza. Titasalaza, kuya kwake kunali masentimita 60. Kuchulukitsa 3.6 ndi 2 ndi 0.6 kwapereka 4.32.

Yachiwiri yafika cha m'ma 10. Bodi yomweyo, koma miyala inalekeza pa masentimita 55. Kusiyana kwa masentimita asanu ndi maso sungakuone, makamaka lole ikangokhuthula mulu n'kumwazika. Koma pa bodi yaikulu chonchi, 3.6 ndi 2 ndi 0.55 ndi 3.96 basi. Maulendo awiri pamodzi akwana 8.28, pomwe tinaitanitsa 9. Zaperewera ndi 0.7, omwe ndi mawilibala pafupifupi 11.

Dalaiva poyamba sanakondwe. Anati, "Achimwene, ine ndimangonyamula zomwe andipakira kukwale, ndipo miyala imakhazikika panjira ndi mabampu." Zoona zake n'zakuti imakhazikikadi pang'ono, ndipo sindikumuganizira zoipa. Ndinamuonetsa kope la kalata pomwe bwana wake anadinda, tinayezanso kachiwiri iye atagwira tepi, ndipo anasayina 8.28. Nditaimba kuhadiweya sipanakhale mkangano uliwonse. Anati zotsalazo zibwera mawa.

Miyala yake ndi yabwino, yamakonamakona, yambiri kukula ngati nsonga ya chala chachikulu. Ndinavuula dzanja limodzi m'ndowa ya madzi ndipo madzi anangochita mbuu pang'ono. Takhuthulira pa malata akale kuti isasakanikirane ndi mchenga wa pansi.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Mchenga wabwera pa tipa yaikulu. Dalaiva anapitirira matabwa aja ndi mamita ochepa ndipo matayala akumbuyo anayamba kutitimira. Tinataya theka la ola tikukumba ndi kulowetsa matabwa pansi. M'kalata yotsatira ndidzalembanso kukula kwa galimoto yomwe ingalowe bwino kuno.

Muyeso unali 4.2 m'litali, 2.2 m'lifupi, 0.55 kuya, zomwe zikupereka 5.08. Wakwana.

Ndisanalole kukhuthula ndinayesa matope. Ndinatapa mchenga m'malo atatu, wina pansi penipeni, chifukwa pamwamba pa lole pamatha kukhala pokongola kuposa mkati. Ndinauthira m'botolo loonekera mkati mpaka masentimita 10, n'kuthira madzi okhala ndi kamchere pang'ono mpaka kupitirira mchengawo, n'kukhutchumula kwambiri. Mchenga umakhala pansi nthawi yomweyo, matope amatsika pang'onopang'ono n'kupanga kamzere pamwamba pake. Mchere umathandiza kuti matopewo atsike msanga. Kuti uone bwino pamafunika maola atatu, ndipo tipa singadikire nthawi yonseyo. Ndiye ndinayamba ndi kuufikisa m'manja, ndipo unali wokhakhala, sunadetse zikhatho. Patapita mphindi 20 madzi a m'botolo anali atayamba kuyera, ndinalola akhuthule, koma pa pepala ndinalemba kuti kuvomereza komaliza ndi masana. Pofika 1 koloko kamzere ka matope kanali mamilimita 5. Malire omwe ndimatsata ndi mamilimita 8 pa mchenga wa masentimita 10. Wa kudambo wa mwezi watha uja, nditauyesa pambuyo pake, matope ake anapitirira sentimita imodzi ndi theka.

Matope ndi oopsa chifukwa amamata pa mchenga ndi miyala ngati utoto, simenti n'kulephera kugwira. Silabu yake imaoneka bwino sabata yoyamba, kenako pamwamba pamayamba kufumbutuka ukamasesa.

Madzulo kalole kabweretsa miyala yotsala ija. Tayeza ndi wilibala, akwana 11.

Lachinayi, 16 Okutobala

Simenti wafika 9 koloko, tenti ili pamwamba monga ndinapemphera. Matumba 65 ndi makilogalamu 3,250, ndipo anyamata anayi atsitsa pa mphindi 40. Ine ndinaima pakhomo la kanyumba n'kumagwira thumba lililonse likamadutsa, kuwerenga ndi kuona nambala ya 42.5.

Matumba asanu anali olimba m'makona. Apa pamafunika kusiyanitsa. Thumba lomwe linali pansi pa mulu limatsenderezeka n'kuoneka louma, koma ukaligubuduza kawiri limafewa, ndipo zibuma zake zimaphwanyika ndi zala n'kubwerera kukhala ufa. Awiri anali otero ndipo ndawalandira. Atatu enawo anali ndi zizindikiro za madzi pa pepala, ndipo m'makona munali molimba ngati mwala ngakhale titawagubuduza. Simenti ameneyo anamwa kale chinyontho, mphamvu yake ina inatha. Abwerera pa lole yomweyo ndipo pa pepala talemba kuti talandira 62, tabweza 3.

Ndinabwereka sikelo yopachika kwa ogula chimanga n'kuyeza matumba asanu osankha mwachisawawa. Onse anali pa 50 kapena kuchepera ndi timagalamu tochepa. Ndimachita izi chifukwa thumba lotapidwa n'kusokedwanso limadziwika ndi kulemera kwake ndi ulusi wa pakamwa pake.

Tawasanja pa matabwa okwezedwa ndi mabuloko, kutalikirana ndi malata a m'mbali, n'kufunditsa pulasitiki. Alonda ndawauza kuti, "Madala, kiyi ndi uyu, kanyumbaka asatsegule wina aliyense mpaka Loweruka m'mamawa, kupatula ine."

Lachisanu, 17 Okutobala

Matumba atatu osintha afika m'mawa, tsopano akwana 65. Pulasitiki ndi meshi tayala, meshi taikweza pa timiyala ta konkiriti kuti isagone pansi. Matabwa a m'mbali tawayeza ndi levulo. Makina osakanizira afika madzulo. Madiramu 8 a malita 200 tadzaza madzi, poti thumba lililonse limafuna pafupifupi malita 25 ndipo sitingadalire kuti mpopi utuluka mawa.

Loweruka, 18 Okutobala

Tayamba 5 koloko kusanache bwino. Kutentha kwa Mangochi mwezi uno aliyense akukudziwa. Dzuwa likakwera konkiriti imayamba kugwira usanaisalaze, ndipo anyamata amayesedwa kuonjezera madzi kuti ifewe, chomwe ndi chinthu choipitsitsa pa silabu. Miyala tinaiwaza madzi m'mamawa kuti izizire.

Muyeso unali wa ndowa za malita 20. Pa thumba limodzi, mchenga ndowa zitatu ndi theka, miyala ndowa 7, madzi ndowa imodzi ndi kota. Ndinaika mnyamata mmodzi wokhulupirika pa makina kuti ntchito yake ikhale kuwerenga ndowa ndi kusunga mapepala a matumba otha, basi. Fosholo sindiilola kukhala muyeso, chifukwa fosholo ya 6 koloko ndi ya 11 koloko sizinyamula mofanana munthu akatopa.

Tamaliza 12 koloko itatsala pang'ono. Mapepala a matumba otha ndawerenga 63. Awiri opitirira pa 61 aja alowa ku ngodya ya kumbuyo, komwe hadikolo inatsika pang'ono. Atsala matumba awiri, mchenga pafupifupi theka la kiyubiki, ndi miyala mawilibala awiri okha.

Miyalayi ndaiwerengeranso nditakhala pansi. Thumba lililonse linadya malita 140 a miyala, ndiye matumba 63 adya makiyubiki 8.8. Tikanalandira 8.28 ija osayeza, miyala ikanatha pa thumba la 59, kutatsala malo okwana masikweya mita 6, Loweruka masana, kukwale atatseka. Tikanadzathira chigawo chimenecho Lolemba pa konkiriti youma kale, ndipo pokumanira pakepo pakanakhala msoko womwe umang'aluka ndi kulowetsa chinyontho, m'chipinda chomwe mayi akufuna kusungiramo matumba a ufa ndi shuga.

Cha m'ma 3 koloko, pamwamba patalimba moti chala sichisiya chizindikiro, tawaza madzi n'kufunditsa masaka onyowa ndi pulasitiki.

Lachinayi, 23 Okutobala

Silabu ikuthiridwa madzi katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo tipitiriza mpaka Loweruka kuti akwane masiku 7. Mphamvu yake yonse imayesedwa pa masiku 28, choncho mabuloko sitiwaunjika pamalo amodzi pamwamba pake. Ndayendera ponse nditagwada ndipo ndapeza timing'alu tiwiri tonga tsitsi ku mbali ya kumadzulo, komwe mphepo inavundukula pulasitiki Lamulungu. N'ta pamwamba chabe, msomali sulowa.

Mchenga womangira wafika pa lole ya matani 7, yomwe inalowa popanda vuto. Dalaiva wa miyala uja anatsika yekha ndi fosholo n'kuyamba kusalaza ndisanamuuze. Kuya kunali masentimita 60, makiyubiki 4.32. Bodi yake singatenge 5 popanda kulemetsa galimoto, ndiye 0.7 yotsala abweretsa ndi simenti Lolemba, talemba pa pepala. Botolo laonetsa matope a mamilimita 6.

Lolemba, 27 Okutobala

Matumba 25 a 32.5 afika ndi lisiti ya pa 16 ija, onse ofewa bwino. Mchenga wotsala anaupakira kumbuyo, atautchinga ndi matabwa ndi tenti kuti usanyowetse simenti, ndipo wakwana mawilibala 11. Zonse zisanu za m'kalata ya pa 8 zatsekedwa, ndipo mapepala osayinirana ndawamata kumapeto kwa kope lino kuti mayi adzawaone Lachitatu akabwera.

Matumba awiri a 42.5 otsala aja ndawaika padera, ndi a malintala, timitanda ta konkiriti ta pamwamba pa mazenera. Amisiri ayala pulasitiki wotchinga chinyontho pansi pa makoma ndipo mzere woyamba wa mabuloko watha. Lero adya matumba awiri pa mabuloko 124, kutanthauza 62 pa thumba, kuchepera pang'ono pa 65 yomwe ndinawerengera. Mzere woyamba umadya daka yambiri chifukwa ndi wowongolera levulo, ndiye ndionanso Lachitatu madzulo. Ngati nambala ikhalabe pa 62, matumba 25 aperewera ndi limodzi kapena awiri, ndipo ndidzawaphatikiza m'kalata ya bimu ya pamwamba, yomwe ndiyenera kulemba pofika pa 3 Novembala.